Ola Lowerengera Ndalama Si Ola Lililonse

Ndimasunga mabuku a ndalama m'sitolo ina yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda pa boma lina la m'chigawo chapakati. Ntchito yanga yambiri ya tsiku ndi tsiku ndi yopepuka, monga kulemba malisiti, kuyankha foni ndi kuwerenga matumba amene atsitsidwa m'lole. Koma pali ntchito ziwiri zimene sizilola kulakwitsa ngakhale pang'ono. Yoyamba ndi kulowetsa malisiti onse m'buku lalikulu, ndipo yachiwiri ndi kuyanjanitsa mabuku pakutha pa mwezi, pamene ndalama zolembedwa m'buku lathu ziyenera kufanana ndi zimene zikuoneka pa chikalata cha kubanki ndi za pafoni, mpaka pa tambala yomaliza. Kwa zaka zingapo ndinkachita ntchito ziwirizi ndikangobwera kokadya nsima, kuyambira cha m'ma 1:30 masana, chifukwa nthawi imeneyo alimi amakhala atabwerera kwawo ndipo m'sitolo mumakhala zii.

Kumapeto kwa Okutobala chaka china mabuku anakana kuyanjana. Buku lathu linkaonetsa ndalama zoposa za kubanki ndi K180,000, ndipo munthu wosunga mabuku amadziwa kuti kusiyana kwa mtundu umenewu kumaoneka ngati ndalama zalowa m'thumba la wina. Ndinafufuza masana atatu otsatizana, thukuta lili kamukamu pansi pa denga la malata, ndikubwereza malisiti omwewo mzere ndi mzere, koma sindinapeze kanthu. Tsiku lachitatu, ndili pa njinga kubwerera kunyumba dzuwa likulowa, ndinakumbukira lamulo limene ndinaphunzira kalekale, lakuti kusiyana kukamagawika ndi 9 popanda chotsala, nthawi zambiri ndiye kuti manambala awiri oyandikana atembenuzidwa polemba. 180,000 kugawa ndi 9 ndi 20,000. Nambala 2 ikusonyeza kuti manambala otembenuzidwawo amasiyana ndi 2, ndipo maziro anayiwo akusonyeza malo amene ayenera kufunidwa. M'mawa mwake ndinangoyang'ana malisiti akuluakulu okha, ndipo pasanathe mphindi khumi ndinapeza kuti oda ya feteleza ya K1,350,000 ndinailemba kuti K1,530,000.

Cholakwikacho chinakonzedwa ndi cholembera chofiira, koma funso linatsala m'mutu mwanga. Lisiti limenelo ndinali nditalidutsa katatu konse pa masana atatu aja, maso anga akuona 5 ndi 3 koma osazindikira kuti zasinthana malo. Nditabwerera m'mbuyo kuona masamba a miyezi yapitayo, ndinapeza mizere yofiira yambiri kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo yonse inachokera ku ntchito imene ndinkachita masana. Apa m'pamene ndinaona kuti ola la ntchito yovuta kwambiri ndinalisankha poyang'ana m'sitolo, osati poyang'ana mutu wanga. Ndinafuna bata, ndipo bata ndinalipeza, koma linali bata la nthawi imene thupi la munthu limakhala likutsika.

Kuti ndimvetse bwino ndinayamba kuwerenga za wotchi ya m'thupi, ndipo zimene zinandithandiza kwenikweni ndi zochepa. Mu ubongo, pamwamba penipeni pa malo amene mitsempha ya maso imapingasana, muli kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kamasunga nthawi. Kagulu kameneka kamazungulira pakokha pa maola oposa 24 pang'ono, ndipo m'mawa uliwonse kuwala kolowa m'maso kumakakonza kuti kagwirizane ndi dzuwa. Maselo a thupi lonse alinso ndi kawotchi kotere, ndipo Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza momwe majini amayendetsera wotchiyi, ataphunzira pa tintchentche ta pa zipatso. Wotchi imeneyi ndi imene imayamba kutulutsa melatonini, timadzi tokonzekeretsa tulo, pafupifupi maola awiri nthawi yogona isanakwane. Ndi imenenso imatsitsa kutentha kwa m'kati mwa thupi kufika pansi penipeni pafupifupi maola awiri munthu asanadzuke, ndi kukweza kotizolo, timadzi todzutsa thupi, m'mphindi 30 mpaka 45 munthu atangodzuka.

Koma wotchi siili yokha. Mu 1982 Alexander Borbély, katswiri wa za tulo wa ku Zurich, anafotokoza kuti kukhala maso kwa munthu kumachokera ku zinthu ziwiri zokokana. Chimodzi ndi wotchi ija, imene imakankhira munthu kukhala maso usana ndipo mphamvu yake imakula kufika chakumadzulo. China ndi ngongole ya tulo, imene imayamba kuchuluka munthu akangodzuka, pamene mankhwala otchedwa adenozini akuunjikana mu ubongo ola ndi ola mpaka adzachotsedwe ndi tulo. M'mawa ngongoleyi imakhala yochepa, choncho mutu umakhala wopepuka. Chakumadzulo ngongole imakhala yakula, koma wotchi imakhala ikukankha mwamphamvu, choncho munthu amatsitsimukanso. Pakati pa nthawi ziwirizi pali dzenje, pamene ngongole yakula kale koma wotchi sinafike pachimake, ndipo kwa anthu ambiri dzenje limeneli limagwa pakati pa 1 ndi 3 koloko masana.

Kwathu kuno tonse timanena kuti ndi nsima imene imagonetsa masana. Nsima ili ndi mbali yake, chifukwa chakudya chambiri chimakulitsa kufookako, ndiponso dzuwa la Okutobala likafika paliwombo limawonjezera lake. Koma ofufuza anaona kuti kutsika kwa masana kumabwerabe ngakhale munthu asadye kanthu, ndipo ine ndinatsimikiza zimenezi pa thupi langa, chifukwa masiku amene ndinkangomwa tiyi ndi chidutswa cha chinangwa maso ankalemerabe pa nthawi yomweyo. Choncho kuchepetsa mitanda ya nsima kumathandiza pang'ono, koma sikuchotsa dzenjelo.

Ndinafuna kudziwa maola anga enieni, osati a m'mabuku, ndipo njira imene ndinagwiritsa ntchito ndiifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndi imene inasintha ntchito yanga. Kwa masiku khumi a ntchito ndinkatenga malisiti a dzulo lake n'kuwagawa m'milu inayi ya malisiti 40 uliwonse, nditawasakaniza kaye kuti akuluakulu asaunjikane mu mulu umodzi. Mulu woyamba ndinkaulowetsa m'buku pa 6:30 m'mawa, wachiwiri pa 10 koloko, wachitatu pa 1:30 masana, wachinayi pa 4:30 madzulo. Pa mulu uliwonse ndinkalemba mphindi zimene wanditengera, kenako mnzanga wa pakauntala ankayang'ana zimene ndalemba popanda kudziwa kuti tsamba lililonse ndalilemba nthawi yanji, n'kuchonga zolakwika. Mbali imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa ndikanadziyang'anira ndekha ndikanapeza zimene ndinkayembekezera kupeza.

Pakutha pa masiku khumiwo, ola lililonse linali ndi malisiti 400. Liwiro silinasiyane kwenikweni, popeza mulu uliwonse unkanditengera pakati pa mphindi 22 ndi 25, kaya m'mawa kaya masana. Chimene chinasiyana ndi zolakwika. Pa 6:30 ndinalakwitsa kawiri, pa 10 koloko katatu, pa 4:30 kasanu, koma pa 1:30 ndinalakwitsa ka 11. Awa ndi manambala a munthu mmodzi pa masiku ochepa, ndipo sangakhale lamulo la wina aliyense, koma anandiphunzitsa chinthu chimene sindikanachidziwa pongodzimva. Pa 1:30 dzanja langa linkathamanga monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinkatseka buku ndili wokhutira kuti ntchito yayenda. Mutu wotopa sumachedwetsa dzanja nthawi zonse, koma umasiya kulilondera.

Mtundu wa zolakwikazo unandiuzanso zambiri. Za m'mawa zinali zochokera ku malisiti osaoneka bwino, pamene 1 ndi 7 zikufanana. Za masana zinali za mtundu wina, monga kutembenuza manambala awiri, kudumpha lisiti lathunthu, kulemba lisiti limodzi kawiri, kapena kuiwala nambala yonyamula pophatikiza. Zonsezi ndi zolakwika za munthu amene chidwi chake chaduka kwa kamphindi kochepa iye osadziwa. Tsopano ndimazindikira zizindikiro zake zisanafike pa buku. Ndikayamba kuwerenga mzere umodzi kawiri, ndikafunika kuyang'ananso lisiti chifukwa nambala yathawa pakati pa pepala ndi buku, kapena ndikamva bwinobwino nkhani imene akukamba a kabaza panja pamene kale sindinkaimva n'komwe, ndimadziwa kuti ola labwino latha.

Chizindikiro chomalizachi chili ndi maziko ake. Mu 1993 Cynthia May, Lynn Hasher ndi Ellen Stoltzfus anayesa kukumbukira kwa achinyamata ndi achikulire, ena m'mawa ndipo ena chakumadzulo. Achikulire ambiri anali anthu a m'mawa, pamene achinyamata ambiri sanali otero. Atayesedwa chakumadzulo, achikulire anatsalira kwambiri, koma atayesedwa m'mawa kusiyanako sikunaoneke. Hasher ndi anzake anapitiriza kufufuza nkhaniyi, ndipo anafotokoza kuti chimene chimafooka kwambiri munthu akakhala kunja kwa maola ake abwino ndi mphamvu yotsekera kunja zinthu zosafunika. Nzeru zimene munthu anaphunzira sizichoka masana, ndipo ntchito yozolowereka imayendabe. Chimene chimachoka ndi mlonda wa pachipata, amene amaletsa phokoso la panja ndi maganizo a ngongole ya sukulu ya ana kulowerera pakati pa manambala 3 ndi 5 a pa lisiti.

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa owerenga ambiri angathamangire kunena kuti ndiye kuti ntchito yovuta ndi ya m'mawa basi. Ife tinakulira m'chikhalidwe cha khasu, m'mene wolawirira m'bandakucha ndiye amatchedwa wakhama ndipo wodzuka dzuwa litatuluka amatchedwa mlesi. Pa ntchito ya kumunda zimenezi n'zoona, chifukwa mizere imalimidwa bwino dzuwa lisanatenthe. Koma wotchi ya m'thupi siyenda mofanana mwa anthu onse, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako ndi yobadwa nayo komanso ya msinkhu. Mu 1976 Jim Horne ndi Olov Östberg anakonza mafunso osiyanitsira anthu a m'mawa, a madzulo ndi apakati, ndipo anthu ambiri amagwera pakati. Pambuyo pake Till Roenneberg wa ku Munich anabweretsa njira yosavuta imene aliyense angaiyese popanda chida. Munthu amatenga tsiku limene sakudzutsidwa ndi alamu kapena ntchito, n'kuona nthawi imene wagona ndi imene wadzuka yekha, kenako n'kupeza pakati penipeni pa nthawi ziwirizo.

Ine ndikasiyidwa ndekha ndimagona pa 9:30 usiku n'kudzuka pa 5 koloko, choncho pakati pa tulo tanga ndi 1:15 usiku. Ndinachita chidwi kuona kuti dzenje langa la masana limagwa pafupifupi maola 12 kuchokera pamenepo, zimene zikugwirizana ndi momwe akatswiri ambiri amafotokozera. Maola anga abwino amayamba patatha ola limodzi ndi theka nditadzuka ndipo amafika mpaka cha m'ma 11 koloko. Ola loyamba lenileni silili m'gulumo. Munthu akangodzuka ubongo umakhala usanatulukiretu m'tulo kwa mphindi 15 mpaka 30, nthawi zina kuposerapo, choncho kudumpha pamphasa n'kugwira buku la masamu nthawi yomweyo n'kutaya mphindi zimenezo. Ine ndimazigwiritsa ntchito posamba ndi kupalasa njinga, ndipo kuwala kwa panjira kumamaliza kundidzutsa.

Kusiyana kwa anthu ndinakuonera m'nyumba mwanga momwe. Mwana wa mlongo wanga ankakhala nafe ali Fomu 4, ali ndi zaka 19, akukonzekera mayeso a MSCE. Monga amachitira ana ambiri a sukulu, ankatchera alamu pa 3 koloko usiku kuti awerenge masamu ndi sayansi, nthawi zina ataviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asaodzere. Ine mwini ndinkamuyamikira, chifukwa inenso ndinaphunzitsidwa kuti mutu umagwira bwino tambala asanalire. Koma tsiku lina anandiuza momvetsa chisoni kuti, “Amalume, ndimakhala pa tebulo maola awiri, koma kukacha sindikumbukira chimene ndawerenga. Mwina mutu wanga ndi wouma.” Ndinamufunsa kuti pa tchuthi amagona nthawi yanji, ndipo anati tulo timabwera cha m'ma 12 koloko ndipo amadzuka cha m'ma 8:30. Pakati pa tulo take ndi 4:15, kutanthauza kuti wotchi yake ili m'mbuyo mwa yanga ndi maola atatu athunthu.

Zimenezi si ulesi. Zimene Roenneberg anasonkhanitsa kwa anthu zikwizikwi zinaonetsa kuti wotchi ya munthu imanka nichedwa kuyambira pa kutha msinkhu mpaka cha m'ma zaka 20, kenako imayamba kubwerera pang'onopang'ono kufikira ukalamba. Kwa mnyamata ameneyu 3 koloko inali ngati 12 koloko ya usiku kwa ine, melatonini ili yodzaza m'magazi, kutentha kwa thupi kukutsikabe. Ankayika phunziro lovuta kwambiri pa ola loipitsitsa la tsiku lake, n'kudulanso tulo timene timafunika kuti zimene waphunzira masana zikhazikike m'mutu. Ndinamuuza kuti, “Mphwanga, siya alamuyo kwa milungu iwiri, masamu uziwachita kuyambira 4:30 mpaka 6 koloko, kenako ukadya uzipitiriza mpaka 9 koloko, tione.” Maola amenewa amagwirizana ndi nthawi imene mphamvu ya wotchi imanka nikula mpaka kufika pachimake maola awiri kapena atatu tulo tisanayambe, pamene munthu savutika kukhala maso.

Vuto limene linatsala n'lakuti mayeso salembedwa pa 8 koloko usiku. Mapepala ambiri amayamba m'mawa, ndipo wophunzira amene thupi lake limadzuka pa 8:30 amafika m'chipinda cha mayeso mutu usanatseguke. Mwamwayi wotchi imasuntha, ngakhale kuti imasuntha pang'onopang'ono, ndipo chimene chimaisuntha kwambiri ndi kuwala. Kuwala kwa m'mawa kumaikokera kutsogolo kuti tulo tizibwera msanga, pamene kuwala kwa usiku, kwa babu kapena kwa foni yoyandikira kumaso, kumaichedwetsa. Kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti mayeso ayambe, anayamba kudzuka mofulumirirapo ndi mphindi 15 pa masiku atatu alionse, n'kutuluka panja nthawi yomweyo kukatunga madzi ndi kusesa pabwalo, ndipo foni ankaisiya pabalaza pofika 9 koloko. Loweruka ndi Lamlungu ankadzuka nthawi yomweyo ya masiku a sukulu, chifukwa kugona mpaka 9 koloko masiku awiri kukanabweza wotchi kumene inachokera. Mapepala akale a mayeso ankawayesera Loweruka m'mawa pa ola lenileni la mayeso, kuti mutu uzolowere kugwira ntchito yolemera pa nthawi imeneyo.

Ndibwerere ku njinga ija, chifukwa pali chinthu chimene chinandivutitsa maganizo kwa nthawi yaitali. Ngati maola anga abwino ndi a m'mawa, n'chifukwa chiyani lamulo la 9 linandibwerera madzulo, nditatopa, ndisakuganiziranso za mabuku? Yankho lake n'lakuti mawu akuti ntchito yovuta amaphimba ntchito za mitundu iwiri. Pali ntchito imene njira yake imadziwika kale ndipo imangofuna kuitsata popanda kuphonya, monga kulowetsa malisiti, kuwerengera msonkho kapena kuyeza mlingo wa mankhwala opopera. Palinso ntchito imene munthu wakakamira pa njira yolakwika ndipo akufunika kuona nkhaniyo kuchokera kumbali ina. Mu 2011 Mareike Wieth ndi Rose Zacks anapatsa ophunzira a ku koleji oposa 400 mafunso a mitundu iwiriyi pa nthawi zosiyana, ndipo anapeza kuti mafunso ofuna kutulukira mwadzidzidzi ankayankhidwa bwino pa nthawi imene sinali yabwino kwa wophunzirayo. Anafotokoza kuti mlonda uja akafooka, maganizo akutali amene akanatsekeredwa kunja amapeza mpata wolowa, ndipo nthawi zina limodzi mwa maganizo amenewo ndi limene lili ndi yankho.

Kafukufuku ameneyu sindimutenga ngati lamulo, makamaka chifukwa pa mafunso otsata ndondomeko ofufuzawo sanapeze kusiyana kokhazikika pakati pa maola. Koma anandithandiza kugawa ntchito yoyanjanitsa mabuku m'magawo awiri amene kale ndinkawasakaniza. Kufananitsa mzere ndi mzere ndimakuchita m'mawa. Kusiyana kukapezeka ndipo ndafufuza kwa ola limodzi osakupeza, sindiumiriranso ngati kale. Ndimalemba nambala ya kusiyanako pa kapepala, n'kulemba pansi pake zimene ndayesa kale, kenako ndimakaika m'thumba la malaya n'kupita ku ntchito zina. Madzulo ndimakatulutsa n'kudzifunsa mafunso otambasuka, monga ngati nambalayo ikugawika ndi 9, ngati theka lake likufanana ndi lisiti lina limene ndalilemba mbali yolakwika, kapena ngati pali mlimi amene analipira pa foni tsiku lomaliza la mwezi ndipo ndalama zinaoneka tsiku lotsatira. Chimene chabwera madzulo ndimachilemba, koma kuchitsimikizira ndi kukonza buku kumadikira m'mawa.

Kudziwa maola anga kunali kosavuta poyerekeza ndi kuwapeza. Nthawi imene mutu wanga uli bwino ndi yomweyonso imene alimi amafika, chifukwa amanyamuka kumudzi m'mamawa kuti abwerere dzuwa lisanakule, ndipo sitolo imatsegulidwa pa 7:30. Ndinapita kwa mwini sitolo nditatenga pepala la masiku khumi lija, n'kuwauza kuti, “Bwana, ndikupempha kuti ndizifika 6:15 n'kudzitsekera m'kaofesi mpaka 7:45, kenako ndiziweruka msanga ndi ola limodzi.” Anayang'ana manambalawo kwa kanthawi, n'kufunsa kuti pa mphindi 15 zoyamba pakauntala pazikhala ndani, ndipo mnzanga uja anavomera kuyamba yekha. Ndikukhulupirira kuti ndikanangonena kuti masana ndimatopa, pempho langa likanamveka ngati dandaulo, koma 11 poyerekeza ndi 2 ndi chinthu chimene munthu wa bizinesi amachimva.

Mphindi 90 zimenezo ndimaziteteza kwambiri, chifukwa n'zosavuta kuzimwaza. Masabata oyambirira ndinkafika pa 6:15 n'kuyamba kusanja malisiti, kufunafuna chikalata cha kubanki, kuyankha mauthenga a pafoni amene abwera usiku, ndipo pofika pa ntchito yeniyeni theka la nthawi linali litapita. Tsopano kusanja ndi kukonzekera konse ndimakuchita dzulo lake masana, m'dzenje lija, chifukwa ndi ntchito imene silira mlonda. Pochoka ndimasiya malisiti atasanjidwa motsatira manambala, buku litatsegulidwa pa tsamba loyenera, ndi rula itagona pa mzere woyambira. M'mawa foni imakhala m'chikwama mpaka 7:45. Masana, kuwonjezera pa kusanja, ndimawerenga matumba m'nyumba yosungira katundu pamodzi ndi mnzanga, kuimbira foni amene ali ndi ngongole ndi kupita kubanki, zomwe ndi ntchito zoyenda ndi zolankhula zimene zimadzutsa thupi pazokha. Kuwerenga matumba kumafunanso kusamala, n'chifukwa chake timawerenga awiri, aliyense payekha, kenako n'kufananitsa.

Pali zinthu ziwiri zimene zinatsala pang'ono kuononga dongosolo lonseli, ndipo zonse zikukhudza tulo. Choyamba chinali khofi. Nditaona kuti masana ndi ovuta, ndinayamba kumwa kapu ya khofi wa mphamvu cha m'ma 3 koloko. Kafeini sachotsa adenozini, amangotseka malo amene adenoziniyo imagwira mu ubongo, ndipo theka lake limakhala likadali m'magazi patatha pafupifupi maola asanu. Choncho pa 9:30 usiku ndinkangotembenuka pabedi, tulo n'kubwera 11 koloko, ndipo m'mawa maola anga abwino ankafika ndili ndi ngongole ya dzulo. Ndinabwerera ku tiyi wa m'mawa, ndipo masana ndikalemedwa kwambiri ndimatsamira pa mpando kwa mphindi 15 nditatchera alamu. Kupitirira mphindi 20 kapena 30 munthu amalowa m'tulo tatikulu ndipo amadzuka mutu uli wolemera kuposa poyamba.

Chachiwiri n'chakuti maola abwino amakhalapo pokhapokha munthu atagona mokwanira. Mu 2003 Hans Van Dongen ndi anzake anasunga anthu kwa milungu iwiri akugona maola 6 okha usiku uliwonse. Luso lawo losunga chidwi linkatsika tsiku ndi tsiku mpaka kufanana ndi la munthu amene wachezera usiku wathunthu kapena kuposerapo, koma iwo eni ankanena kuti akungomva tulo pang'ono chabe. Zimenezi n'zimene ndinaona pa malisiti a 1:30, kuti kudzimva kwa munthu sikuyenda limodzi ndi kulakwitsa kwake. Kotero ndikachezera pamaliro kapena mwana akadwala usiku, sindikhulupirira 6:30 ya tsiku limenelo. Ngati n'kotheka ndimasuntha ntchito yoyanjanitsa mabuku kufikira mawa lake, ndipo ngati sizingatheke ndimapempha mnzanga kuti aziwerenga manambala mokweza ine ndikuchonga.

Nyengo nayo imasuntha zinthu. Mu Novembala kunja kumayera 5 koloko isanakwane ndipo ndimadzuka ndekha msanga, pamene mu Juni ndi Julaye dzuwa limatuluka itadutsa 6 koloko, kukuzizira, ndipo mutu wanga umatseguka mochedwerapo ndi theka la ola. M'miyezi yozizirayo ndimayamba ndi malisiti ang'onoang'ono n'kusiya akuluakulu kufikira 7 koloko. Nthawi yovuta kwambiri ndi pamene mvula yoyamba yagwa, chifukwa alimi amakhala ataima kale pakhonde ndisanatsike pa njinga, akufuna mbewu kuti akadzale tsiku lomwelo, ndipo palibe amene angadzitsekere m'kaofesi anthu akugogoda. M'milungu imeneyo mphindi 90 zija zimatsika kufika pa 30, ndipo ndimazipatsa malisiti oposa K500,000 okha, chifukwa ndi amene akalakwika amabweretsa kusiyana kodetsa nkhawa. Ang'onoang'ono ndimawalowetsa pa 4:30 madzulo, ola limene linali lachitatu pa pepala langa, ndipo pa lililonse ndimawerenga nambala kuchokera kumanja kupita kumanzere ndisanachonge, kuti manambala otembenuka aoneke.